Chifukwa chake golide amakonda mkati mwa kona ya mtsinje ndi m'ming'alu ya thanthwe

Tsiku lina ndikudutsa cha ku Likangala ndinapeza anyamata okumba mchenga atasiya ntchito, mafosholo ali pansi, onse aunjikana pa beseni limodzi. Mmodzi anandikodola, akuti achimwene tabwerani mudzaone, ife umphawi tatsanzikana nawo lero. Mubesenimo munali mchenga ndi madzi pang'ono ndipo pamwamba pake pankanyezimira tinthu tachikasu tambirimbiri, dzuwa likawomba maso kuchita kuthobwa. Ndinangovundula ndi chala, tonse tija tinauluka mmadzimo kuyamba kuvinavina, kutenga nthawi kuti tikhale pansi, ndipo titakhala tinakhala pamwamba pa mchenga. Ndinawauza kuti aise bwererani ku mafosholo, uyu si golide ndi maika, tizidutswa topyapyala ta mwala tomwe timapezeka mumchenga wa mitsinje yambiri. Sanasangalale nane ayi.

Chimene chinandiuza sichinali mtundu wake koma khalidwe lake mmadzi. Golide savina. Golide ukavundula amathawira pansi penipeni pa beseni kukabisala kunsi kwa mchenga wonse, ndipo khalidwe lomweli ndi limene limachititsa kuti anthu osefa golide ku Lisungwi ku Neno kaya ku Makanjira ku Mangochi asamangokumba paliponse mumtsinje, amalunjika mkati mwa kona ndi pansi pa thanthwe. Mitsinje yathu ya kuno ku Zomba sidziwika ndi golide, phiri lathuli limadziwika ndi miyala ina ija amagulitsa anyamata kumtunda cha ku Chingwe, koma madzi ndi amodzimodzi kulikonse, zimene Likangala amachita ndi mchenga wakuda ndi zomwezo mtsinje wa golide umachita ndi golide, nde tikhoza kuphunzirira pakhomo pomwe pano.

Tiyambe ndi kulemera chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Tengani chigubu cha malita 20. Mukathiramo madzi ndi makilo 20. Chikanakhala mwala woyera uja wa nsangalabwi, umene ndiwo mchenga wambiri wa mumtsinje, chikanalemera makilo 53. Chikanakhala golide weniweni chikanalemera makilo 386, ndiye kuti matumba a chimanga a makilo 50 pafupifupi 8 muchigubu chimodzi chomwechi. Golide wa mumtsinje nthawi zambiri amakhala wosakanikirana ndi siliva ndiye amapepukirako pang'ono, amalemera pakati pa ka 15 ndi ka 19 kuposa madzi, komabe nsangalabwi ndi ka 2.65 basi.

Tsono mmadzi kusiyanaku kumakula. Mukudziwa mmene mwala umapepukira ukaunyamula uli mmadzi, madzi amakunyamulirako gawo lofanana ndi kulemera kwa madzi amene mwalawo wawakankha. Ndiye pa 2.65 ya nsangalabwi chotsani 1 patsala 1.65, pa 19.3 ya golide chotsani 1 patsala 18.3. Panja golide amaposa mchenga ka 7, mmadzi amauposa ka 11. Madzi amakondera, amathandiza kwambiri chopepuka kale, cholemeracho amangochikhudza pang'ono. Kanjere ka golide kobulungira ka milimita imodzi kamamira mwachangu pafupifupi kanayi kuposa kamchenga kofanana nako kukula, ndipo pa tinjere ting'onoting'ono kwambiri kusiyanaku kumafika kakhumi.

Apa pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira. Poti golide ndi wolemera chonchi, sayenda ndi anzake ofanana naye msinkhu. Kanjere ka golide kosaoneka bwino ndi maso kamamira limodzi ndi mchenga woukulira katatu, ndipo kokulirapo kamamira limodzi ndi timiyala toukulira mpaka kakhumi. Ndiye ukafuna golide wa msinkhu wa njere ya mawere usakamufune mumchenga wosalala uja timapulasitira nyumba, uli kolakwika, iye ali pakati pa miyala. Kamwana koyenda ndi akuluakulu.

Tsopano ku kona. Kafotokozedwe kamene mumva kawirikawiri nkakuti kunja kwa kona madzi amathamanga, mkati amayenda pang'onopang'ono, ndiye zolemera zimagwera mkatimo. Si bodza koma ndi theka chabe, ndipo theka limeneli lasocheretsa anthu ambiri. Zikanakhala kuti golide amangofuna madzi odekha bwenzi ali mbwee m'maiwe ndi m'matope, bwenzi anthu akukumba pansi pa Chilwa. Madzi odekha amagwetsa chilichonse, matope, mchenga, zinyalala, ndiye olo golide atafikako amasowa mkati mwa mulu wa zachabechabe. Kuti golide achuluke pamalo pamafunika madzi apakatikati, amphamvu zokwanira kuchotsa mchenga koma osakwanitsa kunyamula golideyo. Zili ngati kupeta, mphepo ikachepa gaga sachoka, ikachuluka mphale nayo imapita. Mtsinje sumuunjika golide ngati munthu wokolola, umangochotsa zina zonse iye nkutsala.

Nanga chimamukokera mbali ya mkati nchiyani? Pangani izi mawa mmawa. Fulani tiyi wamasamba mukapu osasefa, takasani ndi supuni mozungulira kenako chotsani supuniyo. Nzeru zimakuuzani kuti masamba athawira mmbali mwa kapu ngati mmene thupi limakankhidwira kunja minibasi ikamakhota pa makona a msewu wokwera kuphiri, koma taonani, masamba onse akaunjikana pakati penipeni pansi pa kapu. Chimachitika nchakuti madzi akamazungulira amakwera pang'ono mmbali nkutsika pakati, ndiye kamtunda ka madzi kameneka kamakankhira chilichonse chapakati, kuyambira pamwamba mpaka pansi mofanana. Madzi apamwamba ali ndi liwiro ndiye amalimbana nako kukankhako mpaka kupambana, amapita kunja. Madzi apansi akukhuzana ndi kapu, liwiro lawo ndi lochepa, sangalimbe, amagonja nkuyenda chapakati atatenga masamba aja. Albert Einstein, katswiri wa sayansi wotchuka uja, analembapo za kapu ya tiyi imeneyi mu 1926 pofotokoza chifukwa chake mitsinje imakhotakhota, ndiye musaderere kapu yanuyo.

Kona ya mtsinje ndi chidutswa cha kapu ija. Pamwamba madzi amalowera ku gombe lakunja, akamenya gombelo amamira, kenako pansi amabwerera chopingasa kulowera ku gombe lamkati, zonsezi zikuchitika uku mtsinje ukupita kumunsi, ndiye madziwo amayenda mopotana ngati chingwe cha sisalo. Gombe lakunja limagumuka ndipo patsinde pake pamakumbika dziwe, paja ana amakonda kudumphira paja. Zimene zikukhwekhwereka pansi zimakankhidwira mkati nkumanga chimulu cha miyala ndi mchenga chooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Golide sayenda mmwamba mwa madzi ngati matope, amakwawa pansi penipeni, mmene muli madzi olowera mkati aja, ndiye ulendo wake umathera ku chimuluko.

Koma chimulu chimenechi sichofanana ponseponse ndipo apa mpamene odziwa amasiyana ndi ongomva. Mukapita pa kona ina iliyonse ya Likangala kapena Domasi mwezi wa Seputembala madzi ataphwa, yendani pa chimulucho kuyambira kumtunda. Kumutu kwake, kumene madzi amayambira kukhota, mupondapo miyala ikuluikulu ngati zibakera yolumana bwinobwino moti fosholo imakana kulowa. Mukamatsika miyala ikucheperachepera, pakati pali timiyala ndi mchenga wokhakhala, kumchira kuli mchenga wosalala ndipo kumapeto kwenikweni matope ndi bango. Anyamata amchenga amakonda chakumchira chifukwa nkofewa komanso ndi umene ogula amafuna. Wofuna golide amapita kumutu kuja kovuta kukumbako, chifukwa nkumene madzi anali ndi mphamvu yochotsa zopepuka, ndipo nkumene cholemera chimayambira kukhala pansi liwiro likangotsika pang'ono. Kumchira ukapezako golide amakhala wa fumbi ndi wopyapyala.

Miyala ikuluikulu ija ili ndi ntchito inanso, imabisa. Kanjere ka mchenga kakakhala pamwamba pa anzake madzi amakapeza mosavuta nkukanyamula. Kanjere ka golide nkakang'ono, kamagwera mumpata wa pakati pa miyala iwiri, mmenemo madzi ndi ofooka chifukwa miyalayo yatchinga, ndiye kuti kachoke mpofunika miyalayo isunthe kaye. Mchenga nawo umagweramo mmipatamo koma timafunde ting'onoting'ono tozungulira timaukankha nkuutulutsa, golide ayi. Nchimodzimodzi kuseri kwa chimwala chachikulu chili pakati pa mtsinje, kumunsi kwake madzi amabwerera mmbuyo nkuzungulira, pamenepo pamatsalira zolemera.

Chinanso muyenera kuchotsa mmutu ndi mtsinje umene mukuuona mu Okutobala, kamadzi kofika mu akakolo amayi akuchapa pambali. Mtsinje umenewo sungasunthe golide olo pang'ono. Ntchito yonse imagwiridwa masiku ochepa pachaka, mwinanso masiku ochepa pa zaka khumi, pamene mtsinje wadzaza ukulira usiku miyala ikugundana pansi. Amene munali kuno mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy mukudziwa chimene ndikunena. Pali lamulo lakale longoyerekeza lakuti liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mwala umene angaugubuduze umalemera ka 64 kuposa poyamba, ndiye madzi amene dzulo amalephera mwala wa kilo imodzi lero akukunkhuniza woposa thumba la simenti. Tsono madzi akasefukira chonchi satsatanso bwino makona, amadutsa pamwamba pa chimulu chija kufuna njira yachidule, nchifukwa chake mzere wa golide kawirikawiri umachoka mkati mwa kona ino kulunjika mkati mwa kona yotsatira, kudutsa mtsinje chopingasa. Ukaima pagombe uyenera kuyang'ana mmwamba mmitengo pamene panakodwa zinyalala ndi majumbo, upeze pamene madzi anafika, kenako uyerekeze mtsinje wa msinkhu umenewo kuti unkayenda bwanji. Malo amene lero ndi ouma mbuzi zikudyapo mwina ndi amene anali pakati pa nkhondo.

Nthawi ya chigumula yomweyi ndi imene golide amatsikira pansi. Miyala ndi mchenga wapansi pa mtsinje sizikhala duu, gawo lapamwamba lonse limagwedezeka nkumayenda ngati phala, mipata ikutseguka nkutsekeka. Amayi athu amadziwa bwino zimenezi, mpunga wa ku Chilwa ukakhala ndi mchenga amauthira mubeseni la madzi nkumaugwedeza mozungulira akukokolola wapamwamba, mapeto ake timiyala tonse tatsala pansi pa beseni. Golide ndi wamng'ono komanso wolemera, zonse ziwiri zimamuthandiza, mpata ukangotseguka kunsi kwake walowa ndipo sabwereranso mmwamba. Chigumula chino atsika pang'ono, chikubwerachi atsikanso, chachikulu chikadzafika chokokolola mpaka pansi atsikiratu. Amaima pokhapokha akapeza chinthu chimene sangachiboole, ndiye thanthwe limenelo. Nchifukwa chake dzenje la mamita atatu limatha kukhala lopanda kanthu mamita awiri ndi theka oyamba, phindu lonse lili mu kagawo kapansi kofika mwina mu bondo, ndi mkati mwa thanthwe lenilenilo.

Pena chomuimitsa sichikhala thanthwe koma dongo lolimba la makande kapena miyala yakale yomatana ngati konkire. Golide sadziwa kusiyanitsa, amakhala pamwamba pa dongolo. Izi zimapusitsa mbali ziwiri, wina amaboola dongo kuthamangira thanthwe nkutaya dothi labwino limene linali pamwamba pa dongolo, wina amaima pa dongo poganiza kuti wafika pomwe kunsi kuli miyala ina ndi thanthwe lenileni. Dongoli lilinso ndi vuto posefa, likapanda kusungunuka bwino limapanga timipira tomata, timipirato timatola golide nkutuluka naye. Uyenera kulifikisa ndi manja mpaka madzi okhaokha.

Ndipo apa mpamene nkhani ya kona ndi ya thanthwe zimakumana. Kona siikhala malo amodzi, gombe lakunja likamagumuka chaka ndi chaka mtsinje ukusunthira komweko, ndipo chimulu chamkati chikukula kuutsatira. Aliyense amene ali ndi dimba mmbali mwa mtsinje amadziwa, wa tsidya lino munda ukudyeka wa tsidya linalo ukukula, milandu mpaka kwa amfumu. Ndiye miyala yolemera ndi golide zimene zinali pansi pa mtsinje zaka 50 zapitazo lero zakwiririka kunsi kwa chimulu, pamwamba pabwera mchenga, kenako dothi, kenako munthu wadzalapo mpiru. Mkati mwa kona muli golide wa mitundu iwiri, wapamwamba wobwera ndi madzi a chaka chino amene amakhala wochepa ndi wosalala, ndi wapansi wakale amene ali panjira imene mtsinje unadutsa kalekale. Mtsinje ukakumba chigwa chake kupita pansi, njira zakale zimatsala mmwamba mmbali mwa chigwa, ukaona nsangalabwi zobulungira bwino pamtunda kutali ndi madzi dziwa kuti mtsinje unagonapo pamenepo. Ku Klondike ku Canada, kumene anthu anathamangira golide atapezeka mu 1896, ena mwa malo olemera kwambiri anali miyala yakale ya mtundu umenewu pamwamba pa zitunda osati mumtsinje.

Tifike pa ming'alu. Golide akafika pa thanthwe sikuti ulendo watha, ngati thanthwelo ndi losalala ngati aja timaona ku mathithi a Mulunguzi oterera ngati sopo, chigumula chachikulu chimamukhwekhwereza pang'onopang'ono mpaka atapeza pokodwa. Mng'alu ndiwo msampha. Madzi othamanga amadumpha pamwamba pa mng'aluwo, mkati mwake mumangokhala kamadzi kozungulira kofooka, kokwanira kutulutsa mchenga wopepuka koma kosakwanira kutulutsa golide. Ndiye chaka chilichonse mumalowa zosakaniza nkutuluka zopepuka, malo amene mchenga wasiya mulowanso zina, kwa zaka mazanamazana kusefa kukuchitika pa kamalo kamodzi. Chibokosi chosefera golide chija anthu amakhoma ndi matabwa nkuyalamo kapeti kapena chiguduli ndi timitengo topingasa nkungotsanzira thanthwe long'aluka basi.

Si mng'alu uliwonse. Wopingasa njira ya madzi umagwira bwino kuposa wotsata madzi, chifukwa wotsatawo madzi amayendamo ngati mu ngalande nkumautsuka. Wopapatiza ndi wakuya umaposa wotakasuka wosaya. Thanthwe la magawomagawo limene magawo ake anaimirira ngati mabuku pa shelefu ndiye labwino koposa, mpata uliwonse ndi msampha, ndipo likayamba kufumbwa golide amalowa mkati mwake ndithu moti odziwa akafika pa thanthwe saima, amaswa ndi chitsulo nkutsuka zidutswazo ndi bulashi. Chizindikiro cha mng'alu wabwino nchakuti zamkati mwake ndi zothinana, timiyala tolumana tofuna kuzula ndi waya kapena supuni yopinda, dongo lamtundu wina pansi, mchenga wakuda, pena misomali yadzimbiri ndi tizitsulo. Ukapeza zitsulo usanyansidwe, zikukuuza kuti malo ano amagwira zolemera. Ukapeza mchenga woyera wofewa wongokokoleka ndi chala ndiye kuti mng'aluwo umatsukika chaka chilichonse, pita kwina.

Maenje obulungira aja okhala ngati mtondo pa thanthwe amakopa aliyense, munthu amati apa nde pagwera zonse. Kawirikawiri amakhumudwitsa. Dzenje lija linakumbidwa ndi miyala yozungulira mkatimo nthawi ya madzi ambiri, ndi mtondo weniweni wokhala ndi munsi wake, ndipo golide ndi wofewa, amasinjika nkuphwatalala kenako madzi ozungulira mwamphamvu aja amamuponyera kunja. Chimodzimodzi patsinde penipeni pa mathithi, pamawira kwambiri, zolemera zimakakhala chakumunsi pang'ono pamene dziwe likuyamba kusaya.

Mchenga wakuda ndautchula kangapo, ndiufotokoze. Ndi tinjere ta miyala yachitsulo, wina amatchedwa maginetaiti amene amalemera pafupifupi ka 5 kuposa madzi, ndipo ukayandikiza maginito a sipika yakufa amadumphira. Poti ndi wolemera kuposa mchenga wamba amatsalira malo omwe aja golide amatsalira. Mvula ikagwa yang'anani mu ngalande za mmbali mwa msewu ku Chinamwali kaya ku Matawale, muona timizere takuda pamwamba pa mchenga, kuseri kwa timiyala ndi mkati mwa timakona, mtsinje wa golide waung'ono uli pomwepo. Koma chonde mchenga wakuda sukutanthauza kuti pali golide, ukungotanthauza kuti akanakhalapo akanakhala apa. Golide ayenera kuchokera kwinakwake, ku mitsempha ya nsangalabwi ya mmapiri akumtunda imene inafumbwa nkumumasula, ngati kumtunda kulibe ndiye kona ikhale yokongola bwanji mupeza mchenga wakuda wokhawokha. Za miyala ya dera lililonse akatswiri ake tili nawo konkuno, likulu la nthambi ya boma yofufuza za miyala lili mu Zomba momwe muno.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala, awa ndangopeka kuti tione kawerengedwe kake. Tinene kuti muli pa kona ya mtsinje umene uli ndi golide ndipo mwatenga ndowa ya malita 20 malo anayi. Kumchira kwa chimulu mwasefa mwapeza tifumbi tosakwana nkuyeza komwe. Kumutu pamwamba mwapeza 0.002 galamu. Kumutu komweko mwakumba mpaka pa thanthwe, ndowa ya pansi penipeni yakupatsani 0.02 galamu. Kenako mwakokota mng'alu umodzi, zonse zamkati mwake zangokwana lita imodzi, mwapeza 0.1 galamu. Kuti tifananize tiwerengere pa mulu wa mita imodzi mbali zonse, umene ndi malita 1000 kapena ndowa 50. Pamwamba paja ndi 0.1 galamu pa mulu, pansi paja ndi galamu imodzi pa mulu, mng'alu uja ndi magalamu 100 pa mulu. Mng'alu waposa miyala yapansi ka 100, waposa yapamwamba ka 1000, pamalo amodzimodzi oti mukhoza kulavula malovu kuchoka pena kufika pena.

Tsono apa mpamene anthu amapengera. Munthu wakokota mng'alu wapeza 0.1 galamu mu lita imodzi, madzulo nkhani yafika mudzi wonse kuti golide ali mbwee, mawa anthu mazana afika ndi makasu ena agulitsa mbuzi kuti agule zida. Koma mng'aluwo unali ndi lita imodzi yokhayo, palibe malita 1000 a dothi lotero, ndipo unatenga zaka zosawerengeka kuti udzaze, sudzazanso chaka chamawa. Chimene chingakuuzeni ngati malo ali ndi phindu ndi miyala yapansi ija ya galamu imodzi pa ndowa 50, ndipo pamenepo muwerengerenso kuti kuti muifike muyenera kuchotsa kaye mamita awiri a zopanda pake pamwamba, ndiye pa ndowa iliyonse yabwino mwanyamula zinayi kapena zisanu zaulere. Ndowa imodzinso siyokwanira kuweruzira, kanjere kamodzi kokulirapo kakagwera mu ndowa yanu mwangozi nambala imakwera kakhumi, ndowa yotsatira mupeza zero. Ndipo maenje amenewa amakumbidwa mu miyala yosagwirana yonyowa mmbali mwa madzi, kulowa chammbali kunsi kwa gombe kutsata kagawo kapansi kaja ndi kumene kumakwirira anthu.

Malamulo onsewa ali ndi pothera pake, ndipo pothera pake ndi golide wopyapyala. Golide akamayenda mumtsinje miyala imamusula ngati wosula zidebe, poti ndi wofewa saswekasweka koma amaphwatalala. Kanjere kobulungira kamasanduka kachipepala, kulemera komweko koma kotambalala, ndiye madzi amakagwira ngati mphepo igwira lata, kamatha kuyenda makilomita ambirimbiri osakhala pansi. Kakauma nkukhudzana ndi mafuta pang'ono, olo a mmanja mwanu momwemu, kamayandama pamwamba pa madzi ngati singano ija tinkayandamitsa ku pulayimale, nchifukwa chake osefa ena amadonthezera kasopo mubeseni kuti kamire. Golide wotereyu safika pa thanthwe, amatsalira pamwamba pa chimulu mu masentimita ochepa oyamba, mu mizu ya udzu ndi ndere, madzi akamaphwa. Maonekedwe a njere amakuuzaninso mtunda, yokhakhala ya makonamakona mwina ili ndi kachidutswa ka nsangalabwi ndiye kuti gwero lili pafupi, yosalala yophwatalala yachokera kutali.

Ndiye mwina mufunsa kuti nanga wopyapyalayu timusiyanitsa bwanji ndi maika wa anyamata anga a ku Likangala aja, poti onse ndi opyapyala onse ndi achikasu. Tchingani dzuwa ndi dzanja, maika amazima pomwepo ndipo amangonyezimira ukamuyang'ana mbali imodzi, golide amakhalabe wachikasu ngati batala pamthunzi pomwe. Mukanikizeni ndi nsonga ya singano, maika amasweka timagawo, golide amabonyoka kapena kupindika osasweka. Palinso wina wonyenga wotchedwa pairaiti, wolimba wa makona ngati kabokosi, uyo ukamumenya ndi mwala amasanduka ufa wakuda. Anyamata aja tinayesa ya singano ndi pini ya mmodzi wa amayi amene ankachapa chapafupi, kachidutswa koyamba kanangoti phwa kusanduka fumbi pa chala. Mmodzi anati tiyesenso kena achimwene mwina aka kanali kofooka, tinayesa tisanu.